Mabulangete ndi ufa zikufunika lero lomwe: anthu akugona pa simenti ku holo ya tchalitchi

Mayi Mlembi (Lachiwiri, 14 Marichi 2023, 6:10 m'mawa)
Abale ndi alongo, pepani kukudzutsani ndi uthenga wautali, koma werengani mpaka kumapeto musanayankhe. Chiyambire dzulo m'mawa, napolo atatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe, anthu akhala akubwera ku holo ya tchalitchi chathu. Usiku wathawu tawerenga anthu 212, mabanja 46. Mwa iwo ana osakwana zaka 5 alipo 38, amayi oyembekezera 4, ndipo agogo amene sangathe kuyenda okha ndi 7. Ambiri anafika ndi zovala zokhazo zimene zinali m'thupi, zonyowa, zamatope. Mabulangete amene tinali nawo ndi 31 basi. Ana agona atatu kapena anayi m'bulangete limodzi, akuluakulu ambiri achezera atakhala tsonga, atatsamira khoma. Mvula sikuleka ndipo pansi m'pozizira kwambiri.

Chimene tikupempha lero ndi mabulangete ouma, ufa wogaya kale, ndi ndiwo zosachedwa kupsa monga usipa, matemba ndi soya. Mafuta ophikira, mchere, shuga ndi makala zikufunikanso. Mungasiye katundu pamalo atatu. Oyamba ndi pa holo pomwepa, lowerani chipata chakumbuyo chifukwa kutsogolo kuli thope lofika m'mawondo. Achiwiri ndi pa golosale ya mayi Msungichuma pa Kamba. Achitatu ndi pa shopu ya a Dikoni ku Limbe, kufupi ndi msika. Ponseponse pali kope, mulembetse zimene mwabweretsa. Wofunsa za katundu afunse ine, wofuna kutumiza ndalama alankhule ndi mayi Msungichuma. Manambala athu ali pa uthenga wokhomedwa pamwamba pa gulu lino. Foni yanga ikazima, chifukwa magetsi kulibe, imbirani a Dikoni.

Mayi a Tadala (6:24)
Mayo ine, Ambuye atichitire chifundo. Mayi Mlembi, ine ndadzuka kale, ndili ndi makala ouma pang'ono. Ndiphika mpunga poto wamkulu ndi nyemba ndibweretse cha m'ma 11. Amayi anzanga a ku Chitawira tiyeni aliyense aphike kwake tikasonkhanitse, anthuwa adye chotentha.

Bambo a ku Bangwe (6:31)
Zikomo chifukwa cha uthengawu. Mundilembe nanenso. Khoma la kuchipinda chogona linagwa usiku wa Lamlungu, tili anthu 6, ufa wonse wanyowa. Ndikatenge kuti mabulangetewo, ku Limbe kuja?

Mayi Mlembi (6:38)
Bambo a ku Bangwe, pepani kwambiri ndi zimene zakugwerani. Malo atatu aja ndi osiyirapo katundu, sitikugawa pamenepo. Koma musachoke pagulu, ndikuimbirani ndikatha kuwerenga ana. Pakadali pano musagone m'nyumbamo ngati makoma ena anyowa mpaka pakati, njerwa zosaotcha zimagwa ngakhale mvula italeka. Mukalembetsenso kwa amfumu kapena a komiti ya m'dera lanu, chifukwa kaundula amene amapita ku khonsolo amachokera kumeneko.

Anamwino (6:52)
Mayi a Tadala, mtima wanuwo ndi wabwino ndipo ndikuuyamikira. Koma ndikupempheni musaphikire kunyumba. Tisaiwale kuti kolera sinathe. Yakhala nafe chiyambire Marichi chaka chatha, ndipo mukukumbukira kuti sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu Januwale chifukwa cha iyo. Tsopano zimbudzi zambiri zagwa, zina zasefukira, ndipo madzi amenewo alowa m'zitsime ndi m'mitsinje momwe anthu akutunga popeza mipopi yauma. Mpunga wophikidwa 9 koloko, n'kuyenda pa minibasi, n'kudzagawidwa 1 koloko utazizira, wadutsa m'manja ambiri. Munthu mmodzi yekha wosasamba m'manja bwino akhoza kudwalitsa holo yonse, ndipo sitingadziwe kuti zachokera m'poto uti. Chakudya chiphikidwe pa holo pomwepo, pamalo amodzi, ndi madzi othira mankhwala, anthu adye chikadali chotentha. Inuyo bwerani ndi mpunga wosaphikawo, makala anuwo ndi manja anu, mudzaphikire konkuno. Ophika ndi amene akusowa.

Mayi a Tadala (6:58)
Ndamva anamwino. Komatu dzulo anthuwa agona ndi njala, ine ndimaona ngati kudikira kuti moto uyake pa holo n'kuchedwa. Chabwino, ndinyamula poto ndi mpunga. Nanga nyemba ndabviika kalezi ndizitani?

Malume a ku Bangula (7:15)
Nyemba mwabviikazo bwerani nazo, zobviika sizidya makala ambiri. Koma ena amene simunagule, imvani za ine. Ndinakhala pa msasa ku Bangula mu Januwale 2015, ndinakhalanso nthawi ya namondwe wa Idai mu 2019, ndiye zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso. Masiku atatu oyamba chimene chimazunza anthu si kusowa chakudya kokha, koma kukhala ndi chakudya chimene sungathe kuchidya. Anthu achifundo amabweretsa matumba a chimanga. Chimanga chimafuna chigayo, chigayo chimafuna magetsi, magetsi kulibe. Thumba limangokhala pakona, ana akulira, mpaka amayi amayamba kukazinga chimangacho kuti ana azikukuta. Amabweretsanso nyemba zouma, zija zofuna maola atatu pamoto, pamene nkhuni zonse zanyowa. Choncho amene muli ndi chimanga ndipo kwanu kuli chigayo cha dizilo, kagayitseni kaye. Mgaiwa ndi wabwino koposa, suchedwa, sufuna kukonola kapena kubviika, ndipo umakhalitsa m'mimba. Ndiwo zikhale za mphindi zochepa: usipa, bonya, soya, nsinjiro zothira m'phala.

Za mabulangete ndinenenso. Kuzizira kumalowera pansi. Munthu ukhoza kumufunditsa mabulangete awiri koma ngati wagona pa simenti yopanda kanthu adzuka akunjenjemera. Mphasa, mkeka, ngakhale makatoni ophwasula, zimathandiza ngati bulangete lachiwiri. A Dikoni, ku Limbe kuli makatoni ambiri m'mashopu a katundu wa pikulitsa, apempheni.

A Dikoni (7:22)
Malume mwandikumbutsa. Ndituma anyamata azungulire mashopu akangotsegula. Ine ndafika kale pa shopu, wina wasiya kale mabulangete 4 ndi thumba la zovala za ana.

Aphunzitsi (7:40)
Mayi Mlembi, tiuzeni nambala yeniyeni. Mukangoti "ufa" aliyense abweretsa kajumbo kamodzi n'kuganiza kuti zatheka. Pa tsiku pakufunika wochuluka bwanji?

Mayi Mlembi (7:55)
Aphunzitsi, zoona. Ine masamu a m'misasa sindiwadziwa bwino, dzulo tinangophika zimene zinalipo, makilogalamu 25 a ufa, ndipo sizinakwane ngakhale kamodzi kokha. Malume kapena anamwino tithandizeni.

Malume a ku Bangula (8:09)
Muyezo umene tinkagwiritsa ntchito ndi wa magalamu pafupifupi 400 a ufa pa munthu pa tsiku. Ana amadya pang'ono, akuluakulu amadya kwambiri, ndiye zimalingana. Anthu 212 kuchulukitsa ndi 400 zikupereka makilogalamu pafupifupi 85. Tinene kuti matumba awiri a makilogalamu 50 tsiku lililonse, otsalawo apite ku phala la m'mawa. Ndiye 25 wa dzulo uja sanafike ngakhale theka la tsiku limodzi, n'chifukwa chake anthu agona ndi njala. Mafuta ophikira malita 5 kapena 6 pa tsiku, mchere kilogalamu imodzi. Musaganize za lero lokha. Anthu amene nyumba zawo zakokoloka sabwerera mawa. Werengerani sabata yathunthu: matumba 14 a ufa. Ndipo nambala ya 212 ikwera, chifukwa ena akadali kwa anansi awo ndipo akamva kuti pa holo pakuphikidwa abwera.

Aphunzitsi (8:13)
Matumba 14. Tsopano zamveka. Mabulangete nawo, tikati anthu awiri bulangete limodzi ndiye kuti pakufunika 106, alipo 31, kutsala 75. Koma agogo aja ndi amayi oyembekezera aliyense akhale ndi lake, ndiye tinene 81. Ine ndi akazi anga tipereka 3 ndi ufa makilogalamu 20. Ndisiya pa Kamba isanakwane 10.

Achimwene a ku Joni (8:30)
Moni nonse kumudzi. Ife kuno tachezera kuonera mavidiyo, mitima yathu ili kumeneko. Anyamata a kuno tasonkha kandalama. Kuno mabulangete ndi otchipa komanso okhuthala, timaganiza zogula mabelo awiri tikweze pa basi ya Lachisanu. Mukuti bwanji?

Mayi Msungichuma (8:41)
Achimwene, Mulungu akudalitseni. Koma basi yonyamuka Lachisanu ifika kuno Lamlungu kapena Lolemba, zikayenda bwino pa Mwanza. Anthu akuzizidwa usiku uno. Tumizani ndalamazo lero, a Dikoni agule ku Limbe masana ano, madzulo ana afunde. Ngati mudzasonkhenso, za pa basizo zidzathandiza pamene anthu azidzatuluka mu holo kukayambiranso, chifukwa aliyense adzafuna zofunda zake. Chimodzimodzi abale a ku Lilongwe ndi Mzuzu amene mwandilembera kumbali: ndalama ya thiransipoti ya thumba la ufa ndi bwino igule ufa wina konkuno.

Chinanso ndichenjeze. Manambala olandirira ndalama ndi awiri okha, ali pa uthenga wokhomedwa, ya Airtel Money ndi ya Mpamba zonse zili m'dzina langa. Musanatsimikize kutumiza, onani dzina limene latuluka pa foni. Wina akakulemberani kumbali kuti nambala yasintha, musatumize, ndiimbireni. Madzulo alionse ndiziika pano zonse zimene zalowa ndi zimene zagulidwa, pamodzi ndi malisiti.

Achimwene a ku Joni (8:47)
Zamveka mayi. Titumiza isanakwane 12. Koma ine ndikuonabe kuti mabulangete a kumeneko ndi opyapyala, aja otuwa aja sachedwa kung'ambika.

Malume a ku Bangula (8:55)
Ndi opyapyala ndithu, koma pa msasa ali ndi ubwino wake. Lija lalikulu lokhuthala mwana akalikodzera, m'nyengo ngati ino limatha masiku atatu lisanaume, ndipo limayamba kununkha. Lopyapyala mumalichapa, mumaliyanika pa chingwe m'khonde, madzulo lauma. Kwa ana aang'ono gulani opyapyala ambiri. Okhuthala apite kwa agogo.

Wakwaya (9:10)
Ine funso langa ndi lakuti, boma lalengeza kale dzulo kuti chigawo chakummwera kwagwa ngozi. Si ndiye kuti a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, abweretsa zonsezi? Ndinamva kuti thandizo lonse liyenera kudzera kwa iwo, mwina ife tikulakwitsa kusonkhanitsa patokha.

Aphunzitsi (9:24)
Mwanena zoona mbali imodzi. A Pulezidenti alengezadi, ndipo a DoDMA ndi amene amayendetsa thandizo la dziko lonse kudzera m'makhonsolo. Koma taganizani kukula kwa ngoziyi. Si Chilobwe yokha. Ku Manja, ku Ndirande, ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Chikwawa, Nsanje, konse anthu ali pa misasa, misewu ina yaduka, ndipo ena akadakumba m'matope kufunafuna abale awo. Misasa ikuluikulu ya m'sukulu ngati ku Naotcha ndi ku Manja ndi imene ikudziwika msanga. Kaholo ngati kathu, ngati sitinakalembetse, palibe angadziwe kuti muli anthu. Palibe amene amaletsa mpingo kudyetsa anthu amene athawira pakhomo pake. Chofunika n'chakuti tiwadziwitse akhonsolo kuti pano pali msasa wa anthu mwakuti, kuti atiike pa mndandanda, komanso kuti thandizo lisaunjikane malo amodzi ena akusowa.

Mayi Mlembi (9:31)
Zimenezo abusa apita nazo m'mawa uno, atenga kope la mayina kwa a khansala. A Red Cross anadutsa dzulo madzulo, anaona anthu ovulala ndipo awiri anawatengera ku Gulupu.

Anamwino (9:50)
Ndafika pa holo tsopano ndipo ndazungulira. Ndinene zimene ndaona kuti obwera adziwe zowonjezera. Zimbudzi zilipo 4 zokha. Pa anthu 212 pamayenera kukhala 10 kapena 11, chimodzi pa anthu 20. Kukumba lero sikutheka, nthaka yadzaza madzi, dzenje lingagwe. Ndiye chimene tingachite ndi kusamala zimene zilipozi: munthu aziima pakhomo ndi ndowa ya madzi a mankhwala ndi sopo, zizitsukidwa kangapo pa tsiku, ndipo ana aang'ono akhale ndi potengera chimbudzi chawo, chisatayidwe kuseri kwa holo. Tikufuna sopo wambiri, ndowa zokhala ndi zivundikiro, makamaka zija za kampopi, ndi WaterGuard. Kachivundikiro kamodzi ka botolo mu ndowa ya malita 20, kudikira mphindi 30 musanamwe. Madzi akakhala avundu, asefedwe kaye pa nsalu yoyera, ndipo muyezo ukhale kawiri. Alangizi a zaumoyo akabwera ndi kolorini wawo titsatira muyezo umene atiuze, chifukwa mphamvu yake ndi yosiyana, musasakanize nokha.

Amene mungapeze Thanzi ORS m'mafamase gulani, paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino. Ndipo ndikupempha onse ogona pa holo: munthu akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, koyera ngati madzi otsukira mpunga, kaya akusanza kaya ayi, musadikire kuche. Ayambe kumwa Thanzi pomwepo, apatulidwe kwa anzake, ndipo apite kuchipatala. Kolera imatha kupha munthu wamkulu pa maola ochepa.

Mayi a Tadala (10:02)
Anamwino, ndili pa Kamba ndikudikira galimoto. Ndaona pa uthenga kuti pali makanda. Ndigule mkaka wa m'chitini wa ana ndi mabotolo?

Anamwino (10:11)
Ayi mayi, chonde musagule. M'malo ngati ano botolo la mwana silingatsukike bwino, madzi ndi okayikitsa, ndipo mwana woyamwa botolo ndi amene amayamba kutsegula m'mimba. Amayi ena akudandaula kuti mkaka wauma chifukwa cha mantha ndi njala. Nthawi zambiri sunaume, umabwerera mayi akadya, akamwa madzi okwanira ndi kupitiriza kuyamwitsa pafupipafupi. Ndalama imeneyo gulani Likuni Phala wa ana opitirira miyezi 6 ndi amayi oyamwitsa. Pali khanda limodzi lokha limene mayi ake sanapezeke mpaka pano, lili ndi azakhali ake. Limenelo ndilitengera ndekha kuchipatala kuti akatilangize kadyetsedwe kake, lisakhale la aliyense kuyesapo nzeru zake.

Mayi a Tadala (10:14)
Ambuye. Ndilibe mawu. Ndigula Likuni Phala.

Adalaivala (10:35)
Pikapu yanga ilipo tsiku lonse, mafuta ndathira ndekha. Ndiyamba pa Limbe 12 koloko, ndidutse pa Kamba cha m'ma 1, kenako ku holo. Ulendo wachiwiri 4 koloko, usapitirire apo chifukwa kukada sindingaone pomwe msewu wadyeka. Pempho langa ndi limodzi: lona yanga ndi yobooka. Bulangete lililonse likulungidwe m'jumbo kapena m'thumba la pulasitiki, ufa nawonso. Dzulo ndinanyamula zofunda za achibale anga osakulunga, pofika zinali zonyowa, sanafunde. Amene muli ndi magalimoto aang'ono musalimbane ndi njira yotsikira ku holo, siyani pa Kamba.

NaPhiri (10:52)
Ine ndatulutsa zovala zambiri za ana anga zimene zinawachepera, ndi nsapato, ndi masuti a malemu bambo. Zikwana matumba 5. Ndibweretse zonse?

Mayi Mlembi (11:08)
NaPhiri zikomo, koma tithandizeni posankhula muli kunyumba. Dzulo tinalandira matumba osakaniza, amayi atatu anatha maola awiri akusankhula m'malo mophika, ndipo zina zinali zong'ambika kapena zonyowa. Ikani za ana pazokha, za amayi pazokha, za abambo pazokha, mulembe pathumba. Majuzi, zipewa za ana ndi masokosi ndiye zikufunika kwambiri. Masuti sungani kaye, adzafunika anthu akamadzabwerera ku ntchito. Ndipo amayi, zitenje. Chitenje chimodzi ndi chofunda, ndi mbereko, ndi thewera, ndi chotchingira posintha zovala mu holo yodzaza ndi abambo. Atsikana ndi amayi akufunanso mapadi ndi zovala zamkati zatsopano, sanganene pagulu koma andiuza kumbali. Zimenezo mundipatse m'manja ine kapena anamwino, tizigawa mwakachetechete.

Malume a ku Bangula (11:30)
Kagawidwe mukonzeretu katundu asanafike. Mukatsitsa mabulangete anthu akuona n'kuyamba kugawa pomwepo, amphamvu ndi amene amalandira, agogo ndi amayi a ana amatsalira. Katundu alowe kaye m'chipinda chokiya, awerengedwe, ndipo muziitana banja ndi banja kuchokera m'kope, wolandira asayine kapena adinde chala. M'komiti yogawa muikemo anthu a pa msasa pomwepo, amayi awiri ndi abambo awiri osankhidwa ndi anzawo, kuti mawa pasadzamveke zoti a mpingo akondera akhristu awo. Pa holopo pali Asilamu, pali a mipingo ina, pali osapemphera. Onse ndi amodzi m'kopemo.

Wakwaya (11:41)
Nanga amene nyumba zawo zagwa koma akusungidwa ndi achibale? Kwathu kuno tasunga anthu 9 m'nyumba ya zipinda ziwiri. Sali pa holo koma alibe chilichonse. Alandira nawo?

Aphunzitsi (11:49)
Ine ndikuona kuti tiyambe ndi a pa holo. Tikatsegula khomo limenelo, Chilobwe yonse ibwera ndipo matumba 14 aja atha tsiku limodzi. Amene ali kwa achibale ali ndi denga ndi moto.

Malume a ku Bangula (11:58)
Aphunzitsi, pamenepo sindikugwirizana nanu kwenikweni. Mukamagawira okhawo ogona pa msasa, anthu amachoka kwa achibale n'kubwera kudzagona pa msasa kuti alembedwe. Ndinaziona. Holo ya zimbudzi 4 idzakhala ndi anthu 400. Kuli bwino banja losunga anthu lipatsidwe kaufa kuti liwasungebe.

Aphunzitsi (12:04)
Nanga tidziwa bwanji kuti akunena zoona? Pa holo timawaona ndi maso.

Mayi Mlembi (12:15)
Nonse mukunena zomveka ndipo sindingagamule ndekha. Lero tiyamba ndi a pa holo chifukwa ndi amene alibe ngakhale pogona. Wakwaya, lemba mayina a anthu 9 amenewo ndi malo pomwe nyumba zawo zinali, unditumizire kumbali, chimodzimodzi bambo a ku Bangwe. Madzulo komiti ikakumana ndi abusa tikambirana, mwina amfumu angatithandize kutsimikizira. Sindikulonjeza kanthu pakadali pano.

Bambo a ku Bangwe (12:22)
Ndamva mayi. Ife tasamukira kwa apongozi. Zofunda tili nazo, ufa ndi umene unaonongeka. Ngati sizitheka musadandaule, a pa holo ayambe. Ndili ndi wilibala ndi fosholo, ngati pakufunika wokumba ngalande kuti madzi asalowe mu holo ndibwera mawa.

Anamwino (13:05)
Bwerani bambo, madzi akulowadi pakhomo la kumadzulo. Zina ziwiri. Choyamba, ndapeza amayi ena alowetsa mbaula mkati kuti ana aothe, mawindo onse ali otseka. Ndikumvetsa, kukuzizira, koma mpweya woipa wochokera ku makala suoneka ndipo sununkha, munthu amangomva mutu ndi tulo kenako osadzukanso. Mbaula zonse zikhale pakhonde, ndipo usiku isalowe ngakhale imodzi. Ichi n'chifukwa chinanso chimene mabulangete ayenera kufika lero. Chachiwiri, amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, ma ARV, a TB, a shuga, a BP, a khunyu, ndipo apita ndi madzi limodzi ndi buku la kuchipatala, musakhale chete. Simukuyenera kunena pagulu. Ndili m'kachipinda ka kwaya mpaka 5 koloko, bwerani mmodzimmodzi ndikulembeni, tiona m'mene tingakufikitsireni kuchipatala mawa. Kutaya buku si chifukwa chosiyira mankhwala.

Achimwene a ku Joni (13:20)
Mayi Msungichuma, tatumiza, onani. Tikupempha zithunzi za pogawa kuti anyamata amene asonkha aone kuti zafika.

Mayi Msungichuma (13:34)
Zafika achimwene, ndawatumizira kale a Dikoni kuti agule. Zithunzi tijambula katundu, malisiti ndi tsamba la kope. Nkhope za anthu ayi. Ena mwa iwo abale awo akadali pansi pa matope, ena avala chitenje chokha. Sitingawaimike pamzere atanyamula bulangete kuti tiwajambule.

Achimwene a ku Joni (13:37)
N'zoona mayi, sindinaganize bwino. Malisiti akwana.

Adalaivala (14:50)
Ulendo woyamba ndatsitsa. Ndikubwerera ku Limbe. A Dikoni konzani makatoni aja, muwamange ndi chingwe, ndipo muwaphimbe.

Mayi Mlembi (18:40)
Abale, nazi zimene zalowa lero malinga ndi makope atatu. Mabulangete 58, kuphatikiza ndi 31 aja akwana 89. Ufa makilogalamu 170, mwa iwo 80 taphika kale, anthu adya nsima ya usipa masana ndipo ana amwa phala madzulo ano. Mpunga wa mayi a Tadala tasungira mawa. Mafuta malita 9, sopo, ndowa 6, zitenje 40, makatoni okwana kuyala theka la holo. Kwabweranso matumba awiri a chimanga chosagaya, amene akudziwa chigayo cha dizilo chimene chikugwira ntchito atiuze.

Koma monga ananenera malume, anthu achuluka. Tsopano tili 247. Agogo onse ndi amayi oyembekezera aliyense ali ndi bulangete lake, ana akugona awiriawiri, koma abambo pafupifupi 30 agonanso opanda chofunda usiku uno. Ufa umene watsala ukwana mawa lokha, mwinanso osakwana. Ndiye mawa tikufunabe mabulangete 40, ufa matumba awiri, makala, ndi masikito ngati alipo. Malo ndi omwe aja, pa holo, pa Kamba ndi ku Limbe, kuyambira 7 koloko. Za anthu osungidwa kwa achibale komiti sinamalize, tipitiriza mawa amfumu akabwera.

NaPhiri (18:52)
Chigayo cha dizilo chilipo kwathu kuno ku Chigumula, chimagaya lero. Adalaivala akanditengera matumbawo m'mawa ndikaima pamzere ndine.

Adalaivala (18:57)
Ndifika pa holo 6:30 kudzatenga chimangacho. Mayi Mlembi, wina akhale ndi kiyi wa chipinda chija.

Mayi Mlembi (19:03)
Kiyi ali ndi ine, ndigona konkuno. Foni yatsala pang'ono kuzima, usiku uno imbirani a Dikoni.